Bilu ya madzi yakwera mwadzidzidzi: muyambire pa mita

*"Bambo, ndithandizeni. Pakhomo tilipo anthu asanu ndi mmodzi ndipo palibe chimene tasintha, koma bilu ya madzi ya mwezi uno yabwera yoposa katatu ya masiku onse. Mabilu awiri apitawa onse anali a mayunitsi 14. Ya panoyi ikuti mayunitsi 38, ndipo pali manambala awiri, 1284 ndi 1322. Pansi pake awonjezanso ndalama ina pomwe ya mwezi watha ndinalipira pa foni. Masana geti limakhala lokiya chifukwa tonse timapita kuntchito. Kodi andibera, kapena mita yafa?"* — Mayi wa ana anayi

Mayi, mtima ukhale m'malo kaye. Ndagwirapo ntchito yowerenga mamita kwa zaka zambiri, kenako ndinakhala pa tebulo lolandira madandaulo a mabilu, ndipo zimene mwalembazi ndazionapo kambirimbiri. Mwa anthu amene ankabwera atakwiya, ochepa kwambiri ndi amene mita yawo inali yakufadi. Ambiri vuto linkapezeka pa pepala lomwelo, kapena kuchimbudzi kwawo. Inu mwachita bwino kutumiza manambala, chifukwa ambiri amangoyang'ana ndalama ya pansi ija n'kuyamba kutukwana, pomwe ndalama imeneyo ndi yofunika kuiona pomaliza.

Choyamba tengani biluyo, mupite nayo pa mita, mupukute galasi lake. Muona manambala a mitundu iwiri, akuda ndi ofiira. Akudawo ndiwo mayunitsi, ndipo ndi okhawo amene amalowa pa bilu. Ofiirawo ndi tizidutswa ta yunitsi, tomwe timawerenga malita. Yunitsi imodzi ya madzi ndi malita 1,000, kutanthauza migolo isanu ya malita 200, kapena zigubu 50 za malita 20. Ndiye mukamva kuti mayunitsi 38, muziona migolo 190 itandandalikidwa pabwalo. Ndi madzi ambiri ndithu kwa banja ngati lanu.

Pa bilu, nambala ya 1284 ndi pomwe akuti mita inali ulendo watha, ndipo 1322 ndi pomwe aipeza tsopano. Pa mabilu ambiri, kuphatikizapo obwera pa foni, amalemba `Previous Reading` ndi `Current Reading` kapena mawu ofanana nawo. Mukachotsa 1284 pa 1322 mutsala ndi 38, choncho masamu a pamenepo ali bwino. Chofunika n'chakuti 1322 yo ndi yoona kapena ayi. Mita sibwerera m'mbuyo. Ngati lero manambala akuda akuonetsa 1325 kapena 1328, wowerenga anawerenga bwino ndipo mwangowonjezerapo madzi a masiku apitawa. Koma mukapeza mita ili pa 1305, ndiye kuti analakwitsa, mwina galasi linali ndi nthunzi, mwina analemba 2 m'malo mwa 0. Zikatero ijambuleni pa foni tsiku lomwelo ndipo mlandu wanu watha, kwatsala n'kukakonzetsa. Muli pomwepo, onaninso nambala ya mita yomwe inadindidwa pa chitsulo kapena pa chivindikiro, muiyerekeze ndi yomwe ili pa bilu. M'malo momwe mamita a nyumba zingapo anawaika pamzere umodzi kumpanda, zimachitika kuti munthu amalipira madzi a neba kwa miyezi osadziwa.

Ine koma ndikukayika kwambiri nambala inayo, ya 1284. Mwati mabilu awiri otsatizana anali a mayunitsi 14 ndendende, ndipo geti limakhala lokiya. Banja silimwa madzi ofanana chimodzimodzi mwezi ndi mwezi; mwezi wina pamabwera alendo, wina mwachapa mabulangete, wina madzi anasowa sabata yathunthu. Nambala ikamabwereza yomweyomweyo, kawirikawiri ndiye kuti mita sinawerengedwe. Wowerenga akapeza geti lotseka, kapena galu wolusa, kapena mita itakwiririka ndi dothi, amalemba kuti sanathe kuwerenga, ndipo kuofesi amakulemberani bilu yongoyerekeza potengera madzi amene mumagwiritsa ntchito masiku onse. Onani pa mabilu awiri aja ngati pali chilembo kapena mawu osonyeza kuti inali yongoyerekeza. Ena amaika `E` kapena `Est` pafupi ndi nambala.

Ngati zili choncho, nkhani yonse ikusintha. Tichotse mayunitsi 28 a miyezi iwiri yongoyerekezayo pa 1284, tipeza 1256. Pamenepo ndi pomwe munthu anaiona mita ndi maso komaliza. Kuchokera pa 1256 kufika pa 1322 ndi mayunitsi 66, ndipo amenewa ndi a miyezi itatu, osati umodzi. Mukagawa patatu mupeza 22 pamwezi. Ndiye kuti simunamwe mayunitsi 38 mwezi uno. Mwakhala mukugwiritsa ntchito pafupifupi 22 mwezi uliwonse pomwe amakulipiritsani 14, ndipo otsalirawo angounjikidwa pa bilu imodzi tsiku limene wowerenga anapeza geti lotsegula.

Mwina munganene kuti palibe kanthu, madziwo ndi omwewo, kulipira lero kapena dzulo n'chimodzimodzi. Sichimodzimodzi ayi, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo.

Madzi a pakhomo sagulitsidwa pa mtengo umodzi ngati mafuta a galimoto. Mtengo wake uli ndi masitepe. Mayunitsi oyambirira amakhala otsika mtengo kuti aliyense athe kumwa, kuphika ndi kusamba. Mukadutsa pamenepo mumalowa sitepe yachiwiri yokwererapo, ndipo mukapitirira mumafika pa sitepe yodula kwambiri, yomwe cholinga chake n'kuluma anthu othirira kapinga ndi otsuka magalimoto ndi paipi. M'Malawi muno muli mabungwe a madzi asanu, la Lilongwe, la Blantyre, ndi atatu a chigawo cha kumpoto, chapakati ndi cha kummwera, ndipo lililonse lili ndi mitengo yake ndi malire ake a masitepe, zomwe zimasinthanso nthawi ndi nthawi. Choncho mitengo imene ndigwiritse ntchito pano ndi yongopeka kuti masamu aphweke. Inu mukafunse ndandanda ya mitengo ku ofesi yanu, muike manambala enieni m'malo mwake.

Tiyerekeze kuti mayunitsi 10 oyamba ndi K800 iliyonse, kuyambira ya 11 mpaka ya 30 ndi K1,500 iliyonse, ndipo iliyonse yopitirira 30 ndi K2,500. Mwezi wa mayunitsi 14 uyenda motere: 10 oyambawo ndi K8,000, anayi otsalawo pa K1,500 ndi K6,000, zonse pamodzi K14,000. Tsopano mwezi wa mayunitsi 38. Khumi oyamba akadali K8,000. Mayunitsi 20 otsatira adzaza sitepe yachiwiri yonse, K30,000. Asanu ndi atatu otsalawo agwera pa sitepe yodula ija, K20,000. Zonse pamodzi K58,000. Taonani: madzi sanafike n'katatu komwe, koma ndalama yadutsa kanayi. Ndi chifukwa chake bilu yanu ikuoneka ngati yamisala.

Cholakwika chimene anthu ambiri amachita powerengera okha n'kutenga mayunitsi onse 38 n'kuchulukitsa ndi mtengo wa sitepe yomaliza. Sizitero. Pa mitengo ya masitepe yotereyi, sitepe iliyonse imalipiritsa mayunitsi amene agwera m'menemo okha, ndipo kufika pamwamba sikukulandani mtengo wotsika wa mayunitsi oyamba aja. Ngati bilu yanu imaonetsa mizere ya masitepe, phatikizani mayunitsi a mizere yonse muone ngati akukwana 38, kenako chulukitsani mzere uliwonse panokha.

Tibwerere ku mayunitsi 66 aja. Mita ikanawerengedwa mwezi uliwonse, mukanalipira mayunitsi 22 katatu. Pa mitengo yathu yoyerekeza, 22 ndi K8,000 kuphatikiza mayunitsi 12 pa K1,500, omwe ndi K18,000, zonse K26,000 pamwezi, ndipo miyezi itatu ndi K78,000. Koma mmene zayendera, akulemberani K14,000, K14,000 ndi K58,000, zomwe ndi K86,000. Madzi omwewo, koma mwaonjezera K8,000, chifukwa mayunitsi asanu ndi atatu amene akanakhala pa sitepe yachiwiri akankhidwira pa yachitatu. Imeneyi ndi ndalama yomwe muli ndi chifukwa chomveka choifunsira. Mukapita ku ofesi musakanene kuti "bilu yakwera", chifukwa aliyense pamzerepo akunena zomwezo. Mukanene kuti mabilu awiri anali ongoyerekeza, ndipo mukupempha kuti mayunitsi 66 agawidwe pa miyezi itatu imene anagwiritsidwa ntchito. Kalaliki akamva choncho amadziwa kuti wabwera munthu woti wawerenga pepala lake. Sindingalonjeze kuti avomera pompo, koma pempho lotere limamveka kusiyana ndi mkwiyo.

Onaninso masiku. Bilu imakhala ndi tsiku lomwe anawerenga ulendo watha ndi lomwe awerenga tsopano. Nthawi zina pakati pake pamadutsa masiku 38 kapena 40 m'malo mwa 30, ndipo masiku owonjezerawo amakankhiranso mayunitsi ku sitepe yapamwamba. Ndi kanthu kakang'ono, koma kafunseni.

Masitepe omwewa ndi amene amazunza anthu a pa poloti ya mabanja anayi kapena asanu omwera mita imodzi. Banja lililonse limamwa madzi ochepa, koma mita imawaona ngati khomo limodzi losakaza, ndiye theka la madzi awo limagulidwa pa mtengo wa anthu a kapinga. Ngati muli ndi alendi kuseri amene simunawatchule, ganizirani zowaikira mita yawoyawo.

Pansi pa mizere ya madzi pamabwera ndalama zosasintha. Izi mumalipira ngakhale mutatseka nyumba n'kupita kumudzi mwezi wathunthu: ndalama ya utumiki, ndipo kwina ndalama ya lendi ya mita, poti mitayo ndi ya bungwe, si yanu. Apa palibe masamu ovuta. Ikani bilu ya mwezi uno pambali pa ya miyezi yapitayo, muone ngati ndalamazi zili zofanana. Zikasintha popanda chilengezo cha mitengo yatsopano, onani pamwamba pa bilu gulu lomwe akuikani. Nyumba yogonamo ili ndi gulu lake, malo a bizinesi ndi masukulu ali ndi awo okwera mtengo. Ndinakumanapo ndi bambo wina yemwe anagula nyumba imene kale inali malo ogona alendo, ndipo kwa chaka chathunthu ankalipira mitengo ya bizinesi chifukwa palibe anakasinthitsa. Ngati pali mzere wa msonkho kapena wa mapaipi a zonyansa, onani kuti awerengera pa ndalama iti, ndipo ngati nyumba yanu ili ndi dzenje lakelake la zonyansa, funsani chifukwa chomwe mzere wachiwiriwo ulipo. M'chitsanzo chathu tingoti zosasinthazi ndi K3,000, ndiye bilu ya mwezi uno payokha ndi K61,000 pomwe munazolowera K17,000.

Tsopano ndalama ija mwati awonjezera pansi. Ndalama yomaliza pa bilu si ya mwezi uno wokha. Amatenga ngongole yomwe inalipo pa bilu yatha, n'kuchotsapo zomwe mwalipira, n'kuphatikiza za mwezi uno. Ngongole yakaleyo kawirikawiri amailemba `Balance B/F`. Ngati munalipira K17,000 koma ikuonekabe, bilu inena K78,000 pomwe yoyenera ndi K61,000. Zifukwa zake zimakhala ziwiri. Mwina munalipira bilu yatsopano itatsekedwa kale, ndipo ndalamayo ili mu akaunti yanu, idzaoneka mwezi wamawa. Apo ayi, polipira pa Mpamba kapena Airtel Money chala chinaterereka, nambala imodzi ya akaunti n'kulakwika, ndalama n'kupita kwa munthu wina. Fufuzani uthenga wa pa foni uja, muyerekeze tsiku lake ndi tsiku la bilu, komanso nambala ya akaunti imodziimodzi, osathamanga. Musaufufute, uthengawo ndiye lisiti lanu, ndipo nambala yake ndi yomwe kalaliki adzafufuzire ndalamayo.

Zonsezi zikakonzedwa, patsala funso lomwe ine ndikuliona lalikulu kuposa K8,000 ija. Munkamwa mayunitsi 14, tsopano ndi 22, ndipo mukuti palibe chasintha. Mayunitsi asanu ndi atatu owonjezera pamwezi akupita kuti? Amenewa ndi malita 8,000. Pa tsiku ndi pafupifupi malita 270, zigubu 13. Zikumveka zambiri, moti munganene kuti pabwalo pakanakhala dambo. Koma mukagawa pa mphindi zonse za usana ndi usiku, ndi madzi osadzadza n'kapu ya tiyi yomwe pa mphindi imodzi. Kamtsinje kotere kamatsetsereka m'mbale ya chimbudzi mwakachetechete, osamveka, osanyowetsa simenti.

Yesani izi usiku uno. Anthu onse akatha kusamba, tsekani mipopi yonse, muuze ana kuti asagejemule. Pitani pa mita ndi tochi. Mamita ambiri ali ndi kagudumu kakang'ono pakati, kooneka ngati nyenyezi, komwe kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono zedi. Kayang'aneni kwa mphindi ziwiri osachotsa maso. Ngati kakuyenda, ngakhale mwaulesi, madzi akutuluka penapake. Kenako lembani manambala onse, akuda ndi ofiira omwe, ndipo m'mawa munthu asanatsegule mpopi mukalembenso. Kudontha kwa mlingo umene tikukambawu, pa maola asanu ndi atatu a usiku, kuonetsa malita pafupifupi 90 pa manambala ofiira. Muchite zimenezi usiku umene madzi akutuluka, chifukwa ngati kulibe madzi m'mapaipi mita ingokhala chete n'kukunamizani kuti zonse zili bwino.

Mukapeza kuti ikuyenda, yambani ndi chimbudzi. Vundukulani thanki yake muone ngati madzi afika pakamwa pa kapaipi kotayira osefukira. Ngati afika, mpira woyandama umene umatseka madzi thanki ikadzadza sukutseka bwino. Ngati sanafike, thirani m'thankimo madzi a mtundu, ngakhale tiyi wakuda bii, mudikire theka la ola osagejemula. Mtunduwo ukaoneka m'mbale, labala ya pansi yatha, ndipo ndi kachipangizo kotchipa kusiyana ndi bilu ya mwezi umodzi. Ngati muli ndi thanki ya pamwamba, ionereni m'bandakucha, chifukwa madzi amabwera ndi mphamvu usiku anthu akagona, ndipo mpira wake ukafa thankiyo imasefukira mpaka kucha inu muli mtulo. Mukatseka vavu ya chimbudzi ndi ya thanki koma kagudumu kakuyendabe, vuto lili pansi pa nthaka, pakati pa mita ndi nyumba. Yendani motsata paipi muone pomwe udzu uli wobiriwira nthawi ya chilimwe, kapena khoma lomwe lanyowa m'munsi. Apa ndiye muitane pulambala, ndipo musachedwe. Paipi ya kuseri kwa mita, mbali ya kunyumba, ndi yanu, ndipo dontho lililonse lodutsa pa mita amalemba pa dzina lanu ngakhale litathera m'nthaka.

Ngati mita yagona tulo usiku wonse osasuntha, ndiye kuti madziwo akumwedwa masana inu muli kuntchito. Lembani mita m'mawa pochoka ndi madzulo pofika kwa sabata imodzi. Ndaonapo mpopi wa panja ukudzadza ndowa za mudzi wonse pa K100 imodzi, eni nyumba akulumbira kuti sasakaza madzi.

Za mita yakufa ndazisunga kumapeto dala. Mita ikakalamba, nthawi zambiri imawerenga mochepa kapena kuima kumene, osati kuthamanga. Mukhoza kuiyesa nokha: lembani manambala ofiira, dzadzani chigubu cha malita 20 kasanu, muonenso. Iyenera kuwonjezera pafupifupi malita 100. Ikaonetsa 98 kapena 103 ilibe mlandu, chigubu chomwe sichilondola kuposa pamenepo. Ikaonetsa 140, lembani kalata yopempha kuti aiyeze. Funsiranitu ngati kuyezako n'kolipira komanso ngati amabweza ndalamayo mita ikapezeka yolakwa. Anthu amatchulanso mpweya, ndipo n'zoona kuti madzi akamabwerera atasowa, mpweya wa m'mapaipi umatha kuzungulitsa mita, koma sindinaonepo mpweya wokha ukubala migolo 40 pamwezi. Chimene musayerekeze n'kumasula mita kapena kudula kawaya kake kotsekera. Chindapusa chake chidzakuiwalitsani bilu imene mukudandaulayi.

Popita ku ofesi tengani mabilu atatu omalizawo ndi ina yam'mbuyo yomwe mita inawerengedwadi, chithunzi cha mita chooneka manambala ndi nambala yake, uthenga wa malipiro, ndi kapepala komwe mwawerengerapo masitepe. Dandaulo likhale lolemba, ndipo akudindireni kope lanu. Musasiye kulipira podikira yankho, chifukwa odula madzi amayendera ndandanda ya angongole, sadziwa kuti muli ndi nkhani ku ofesi, ndipo kulumikizanso n'kolipira. Lipirani gawo lomwe simukulitsutsa, monga ndalama ya mayunitsi 22 ndi zosasintha zija, ndipo yotsalayo pemphani kuti muzilipira pang'onopang'ono. Pakadutsa mwezi osayankhidwa, kwerani kwa mkulu wa ofesi ya dera lanu ndi kope lija, ndipo zikakanika pamenepo, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo a ogula.

Za geti lokiyalo, funsani masiku amene wowerenga amadutsa m'dera lanu, komanso ngati amalola kuti muziwatumizira chithunzi cha mita pa foni. Zikavuta, pemphani kuti mita isunthidwe pafupi ndi mpanda poti munthu akhoza kuiwerenga ali panja, kapena funsani ngati kwanuko afika kale ndi mamita ogula mayunitsi musanamwe madzi.